CHINGWE NDI MLANDU WA MAGAZI: ZA KU LUNDAZI M'CHAKA CHA 1964

Pa bwalo la milandu, woweruza akatha kumva mboni zonse napeza kuti munthu walakwadi, patsala funso limodzi limene anthu okhala pa mabenchi salifunsa kawirikawiri. Funso lake ndi ili: kodi munthuyu alangidwa kuti pachitike chiyani? Akatswiri a malamulo ayankha mwa njira zitatu. Ena ati wolakwa alangidwa chifukwa choipa chake chiyenera kulipiridwa, monga ngongole ilipiridwa, ndipo chilango chilingane ndi kukula kwa mlandu. Ena ati alangidwa kuti anthu oona achite mantha, asayese kuchita chomwecho. Enanso ati alangidwa kuti aongoke mtima, adzabwerere kwao ali munthu wina.

Pa mlandu wa mbala ya nkhuku njira zitatuzi ziyenda pamodzi popanda mkangano. Mbala ikakhala m'ndende miyezi itatu yalipira choipa chake, anzake aopa, ndipo kapena iyo yomwe yaphunzirako kupala matabwa. Koma pofika pa chingwe chonyongera munthu, njirazi zipatukana. Munthu wonyongedwa saongokanso, chotero njira yachitatu ifera pomwepo. Zitsala ziwiri zija, ndipo iliyonse iyenera kudziimira yokha. Palibe malo m'dziko la Zambia kumene zifukwa zimenezi zinayesedwa kolimba koposa m'boma la Lundazi, m'mwezi wa Ogasiti chaka cha 1964.

Kale, Azungu asanafike, Achewa, Atumbuka ndi Asenga a m'dera limenelo sanali kupha wakupha mnzake nthawi zonse iai. Mlandu wa magazi unali wa banja lonse, wosati wa munthu mmodzi. Akulu a mbali ziwiri anakhala pansi pamaso pa mfumu, ndipo banja la wolakwa linapereka lipo: chuma, minyanga ya njovu, kapena munthu wamoyo woti akakhale kwa ofedwa m'malo mwa wakufayo. Chimene anafuna makolo chinali kutseka mpata umene imfa inasiya, ndi kuletsa mabanja awiri kuthana ndi mikondo. Koma asanene munthu kuti masiku amenewo anali a chifundo chokhachokha. Woganiziridwa ufiti anamwetsedwa mwavi, ndipo ambiri osalakwa anatha motero, mitembo yao nitenthedwa.

Boma la Angerezi litakhazikika, linachotsa milandu ya magazi m'manja mwa mafumu. Mabwalo a mafumu anatsala ndi milandu ya maukwati, ya minda ndi ya ndewu zazing'ono. Koma wakupha munthu anatengedwa ndi amesenjala kunka naye kwa Bwana Disi, ndipo mlandu wake unaweruzidwa ndi bwalo lalikulu. Buku la malamulo a milandu, limene linayamba kugwira ntchito m'Northern Rhodesia m'chaka cha 1931, linaika chilango chimodzi chokha pa kupha munthu mwadala, ndicho imfa. Woweruza analibe ufulu wochepetsa. Mkazi wa pakati yekha ndi mwana wosafika zaka 18 ndiwo sanayenera kunyongedwa. Chiweruzo chitaperekedwa, woweruza analemba kalata kwa Bwanamkubwa kufotokoza za mlanduwo, ndipo Bwanamkubwa, atafunsa aphungu ake, anasankha kusaina kapena kuchita chifundo. Tsono lipo linasanduka chingwe, ndipo ofedwa, amene kale analandira kanthu m'manja, anangomva mbiri yakuti uje anamnyonga kutali.

Lamulo limeneli ndilo linalipo pamene mpingo wa Lumpa unabuka. Mayi Alice Lenshina Mulenga, wa m'mudzi wa Kasomo m'boma la Chinsali, anadwala kolimba m'chaka cha 1953, ndipo atachira ananena kuti anafa nabwezedwa ndi Ambuye kuti adzaphunzitse anthu. Poyamba anali pansi pa mishoni ya Lubwa, koma pofika 1955 anali ndi mpingo wakewake. Anthu zikwizikwi anayenda pansi masiku ambiri kunka ku Kasomo kukataya nyanga ndi zithumwa ndi kubatizidwa. Mpingowo unaletsa ufiti, mitala ndi mowa, ndipo nyimbo zake zinali zokoma kotero kuti unafalikira msanga kutsidya kwa mtsinje wa Luangwa, kwa Asenga ndi Atumbuka a ku Lundazi. Masiku amenewo dziko la Chama linali likali mbali ya boma la Lundazi.

Udani unayamba pamene chipani cha UNIP chinakula. Anyamata a chipani anafuna kuti munthu aliyense agule khadi. A Lumpa anati iwo sali a dziko lino, ndipo ena anatentha makhadi ao. M'chaka cha 1963 matchalitchi a Lumpa ambiri anatenthedwa, nyumba za mbali zonse ziwiri zinapsa, ndipo anthu anaphedwa. Pamenepo a Lumpa anachoka m'midzi ya abale ao namanga midzi yaoyao yozingidwa ndi malinga a mitengo, osapempha mafumu malo. Bambo Kenneth Kaunda, amene anakhala Nduna Yaikulu m'Januwale 1964, anali mwana wa ku Lubwa komweko, ndipo mkulu wao Robert anali mmodzi wa akulu a Lumpa. Anayesa kuyanjanitsa anthu, koma zitakanika, m'mwezi wa Julayi analamula kuti midzi ya malinga ipasulidwe pasanathe sabata limodzi. Pa 24 Julayi apolisi analowa m'mudzi wa Chapaula kufupi ndi Chinsali, ndipo mkulu wa apolisi Derek Smith anaphedwa pamodzi ndi wapolisi wina Mwafirika. Bwanamkubwa Sir Evelyn Hone analengeza malamulo a nthawi ya chipwirikiti, asilikari natumizidwa. Pa 30 Julayi asilikariwo anathira nkhondo likulu la mpingo, limene eni ake analitcha Sione, ndipo anthu ambiri anagwa ndi zipolopolo pafupi ndi kachisi wao.

Mbiri imeneyi inaoloka Luangwa nifika kwa a Lumpa a m'mudzi wa Chipoma, kumpoto kwa boma la Lundazi. Usiku wa pa 2 Ogasiti, kucha kwa pa 3, khamu lao linatuluka ndi mikondo, nkhwangwa, mauta ndi mfuti za gogodela, nililowa pa boma anthu ali m'tulo. Lundazi linali boma laling'ono lachete, lodziwika ndi nyumba ya alendo yonga linga la mafumu a ku Ulaya, imene Bwana Disi Errol Button anamangitsa zaka zingapo m'mbuyomo. Palibe anayembekeza nkhondo kumeneko. Khamulo linalanda polisi, linatenga mfuti, linapha anthu amene linawapeza, ndipo pobwerera linatentha midzi ya m'njira. Akufa pa boma ndi m'midzimo anali ngati 150, pakati pao akazi ndi ana amene sanadziwe kanthu za makhadi kapena za Sione. Tsiku lomwelo boma linaletsa mpingo wa Lumpa. M'mawa mwake asilikari anazinga Chipoma, napha a Lumpa oposa 80. Ndipo pa 7 Ogasiti anthu a m'midzi yozungulira anagwera mudzi wina wa Lumpa wotchedwa Paishuko, napha anthu 46 amene anawapezamo, amuna, akazi ndi ana, mwa nkhanza zimene asilikari ofika pambuyo pake sanathe kuziiwala.

Zonsezi zinachitika m'masiku asanu. Tsono ayesedwe mayankho atatu aja pa masiku asanuwo.

Oyamba ndi aja anena kuti choipa chiyenera kulipiridwa. Maganizo amenewa si a anthu ouma mtima okha, ndipo sayenera kupeputsidwa. Munthu wanzeru wa ku Jeremani, Immanuel Kant, anaphunzitsa kuti ngakhale anthu a pa chisumbu atapangana zomwazikana osadzaonananso, ayenera kuyamba apha wakupha munthu wotsiriza amene ali m'ndende mwao, pakuti chilango chake sichidalira phindu lililonse, chimuyenera basi. Mayi wa ku Lundazi amene anaika ana ake m'manda sabata limenelo sanafune kuwerenga Kant kuti amve chimodzimodzi. Akulu amati mlandu suola. Boma likanyalanyaza magazi a mwana, likhala ngati lanena kuti mwanayo anali wopanda mtengo, ndipo chimenecho ndi chipongwe chachiwiri kwa ofedwa.

Koma chiphunzitso chimenechi chili ndi lamulo lakelake lolimba, limene ochikonda aliiwala msanga. Chiti wolakwa yekha ndiye alipire, ndipo alipire molingana ndi mbali yake. Anthu amene anagwera Paishuko anakhulupirira kuti alikulipiritsa magazi a pa boma. Koma amene anawapha sanawafunse ngati anali m'khamu lija. Anawapha chifukwa anali a Lumpa. A ku Chipoma nawonso anayesa kuti alikubwezera magazi a ku Sione, ndipo anapha anthu amene sanapondeko ku Sione. Apa ndipo paonekera kusiyana kwa chilango ndi kulipsira. Kulipsira kufuna magazi a mtundu wa wolakwa. Chilango chifuna dzina lake, mboni zoona, ndi woweruza amene sanafedwe. Bwalo la milandu linaikidwa kuti lichotse mkondo m'dzanja la wofedwa. Ndipo munthu woti magazi alipiridwe ndi magazi ayenera kuvomera kuti ana a ku Paishuko anali ndi mtengo womwewo ndi ana a pa boma, kotero kuti chingwe chikadayenera kugwira anthu a mbali zonse ziwiri.

Tsono nkhani ifika povuta. Aganiziridwe amuna atatu a m'khamu la usiku uja. Woyamba analasa munthu ndi mkondo. Wachiwiri ananyamula muuni natentha denga, osadziwa ngati m'nyumbamo muli anthu. Wachitatu anatsata m'mbuyo ndi chibonga chifukwa anaopa kutchedwa wampatuko akatsala, ndipo sanakhudze munthu. Lamulo la Angerezi, limene Zambia inalandira, liti anthu akapangana kuchita chinthu choletsedwa, ndipo pochichita pakafa munthu mwa njira imene inali yoyembekezeka, onsewo apha. Chotero pamaso pa lamulo la 1964 atatuwo anali ndi mlandu umodzi ndi chilango chimodzi. Mlandu wa amuna asanu ndi mmodzi a Lumpa, woitanidwa ndi dzina la Mutambo, umene unachokera pa imfa za ku Chapaula, unafika ku bwalo la apilo m'chaka cha 1965, ndipo ophunzira malamulo m'Zambia akhala akuuwerenga pofuna kumvetsa za kupangana kotere. Lamulolo lili ndi nzeru yake, pakuti popanda ilo khamu lililonse likadapulumuka ponena kuti sitidziwa anaponya ndani. Koma munthu wokhulupirira kuti chilango chilingane ndi mlandu sangakondwere kuona wa chibonga uja akwera pa thabwa limodzi ndi wa mkondo. Ndende ili ndi miyeso: zaka ziwiri, zaka khumi, moyo wonse. Chingwe chilibe theka.

Palinso za umboni. Zinthu zinachitika mumdima, anthu alikuthawa. Mboni zotsala zinali anthu amene anadana ndi a Lumpa chaka chathunthu, ena a iwo abale ao enieni olimbirana minda. Woweruza wabwino angathe kunyengedwa ndi mboni yolira moona mtima koma yoloza munthu wina. Ngakhale ku Mangalande, kumene kunali apolisi ambiri ndi maloya ochenjera, Timothy Evans ananyongedwa m'chaka cha 1950 pa mlandu wakupha mwana wake, ndipo pambuyo pake kunadziwika kuti m'nyumba yomweyo munali kukhala munthu wina wopha akazi ambiri, amenenso anali mboni yomneneza. Evans anakhululukidwa m'chaka cha 1966, atagona m'manda zaka 16. Ngongole ikalipiritsidwa kwa munthu wosakongola, ndalama zibwezedwa. Apa panalibe chobweza.

Achiwiri ndi aja anena kuti chingwe chiopsa ena. Ameneyu ndiye mtsutso umene anthu a m'makomboni a ku migodi ndi m'matauni aukonda, makamaka mbala zikachuluka. Ulinso ndi choonadi chake. Munthu amaopadi chilango. Akadapanda kuopa, sitolo iliyonse ikadathyoledwa usana. Koma funso lenileni si lakuti kodi chilango chiopsa. Funso ndi lakuti kodi chingwe chiopsa koposa ndende ya moyo wonse, pakuti wakupha munthu akapanda kunyongedwa sapita kwao kukalima.

Ku Chipoma aliyense anadziwa kuti wakupha munthu anyongedwa. Lamulolo linali litakhala zaka zoposa makumi atatu. Anadziwanso chimene chinachitika ku Sione masiku atatu m'mbuyomo, kumene imfa sinadikire woweruza. Ngati imfa iletsa, mbiri ya ku Sione ikadawakhazika pansi. M'malo mwake ndiyo inawadzutsa. Asilikari amene anamenya nkhondoyo anasimba kuti a Lumpa anathamangira mfuti za makina akufuula dzina la Yeriko, ndi kuti ambiri anakhulupirira kuti zipolopolo zidzasanduka madzi, kapena kuti wakufa pa nkhondoyo alowa kumwamba tsiku lomwelo. Munthu wotere sangaopsedwe ndi imfa, pakuti chimene boma liyesa chilango iye achiyesa mphotho. A ku midzi amene anapita ku Paishuko nawonso anadziwa lamulo, koma mkwiyo suwerenga malamulo. Ndiponso anali ambiri, ndipo munthu wa m'khamu ayesa kuti iye sadzadziwika.

Wina anganene kuti Lundazi wa 1964 anali misala ya masiku owerengeka, ndipo sayenera kukhala muyeso wa milandu ya masiku onse. Zoona. Koma milandu yambiri ya magazi imene ifika ku mabwalo ifanana ndi misalayo koposa m'mene ifanana ndi malonda. Ndi ndewu ya pa mowa, nsanje ya m'banja, mantha a ufiti pa maliro. Wakupha wotere sakhala pansi kuyesa chingwe ndi ndende pa sikelo. Amene ayesa ndi mbala ya mfuti yokonzeka bwino, ndipo iyo siwerenga kukula kwa chilango. Iwerenga ngati idzagwidwa. Zimenezi anazilemba Cesare Beccaria wa ku Italiya m'chaka cha 1764, zaka mazana awiri enieni nkhondo ya Lumpa isanachitike: chimene chiletsa zoipa ndi kudziwa kuti chilango sichilephera kufika, wosati kuopsa kwake. Bungwe limene Mfumu ya ku Mangalande inaika kufufuza za chilango cha imfa kuyambira 1949 kufikira 1953 linayerekeza maiko onyonga ndi osanyonga, ndipo silinapeze umboni wooneka wakuti kuleka kunyonga kuchulukitsa kupha. Dziko la Mangalande linaimika kunyonga opha anthu m'chaka cha 1965, nilikhazikitsa zimenezo m'chaka cha 1969. Zambia inayenda njira ina: m'zaka za m'ma 1970 inaonjeza chilango cha imfa pa umbala wa mfuti, ngakhale pasafe munthu. Otsutsa lamulo limenelo analoza choopsa chimodzi chimene chimveka: mbala yodziwa kuti chingwe chiidikira kale ilibe chifukwa chosiyira mboni yamoyo.

Yotsala ndi njira yachitatu, ya kuongola munthu, ndipo chodabwitsa nchakuti boma linatsata imeneyi pa unyinji wa a Lumpa, ngakhale silinaitsate mokoma. Chiwerengero cha boma chinati akufa m'nkhondo yonse, ku Chinsali, ku Lundazi ndi kwina, anaposa 700, ndipo ochuluka a iwo anali a Lumpa. Otsala anali zikwi zambiri, obalalika m'thengo la m'chigwa cha Luangwa, anjala ndi odwala. Ufulu wa dziko unali pa khomo, pa 24 Okutobala. Dziko latsopano silikadayamba moyo wake ndi kunyonga anthu mazanamazana. Chotero amene anadzipereka anaikidwa m'misasa, kumene anadyetsedwa ndi kuchiritsidwa, ndi cholinga chakuti abwerere ku midzi yao yakale pansi pa mafumu ao.

Lenshina mwini wake, amene sanali ku Lundazi usiku uja, anadzipereka kwa boma pasanathe masabata awiri. Sanaimikidwe pa bwalo kuyankha mlandu wa imfa zimenezo. Anasungidwa ku Mumbwa, pambuyo pake ku Kalabo kutali ku Bulozi, mwa mphamvu ya malamulo a chipwirikiti amene analola boma kusunga munthu popanda mlandu. Anathawa m'chaka cha 1967, nagwidwanso. Anamasulidwa m'Disembala 1975 nakhala ku Chilenje m'Lusaka moyang'aniridwa, ndipo anamwalira pa 7 Disembala 1978. Zaka 11 za ukaidi wopanda mlandu sizili m'njira iliyonse ya zitatu zija. Sizinali kulipira, pakuti palibe woweruza anayesa ngongole yake. Sizinali kuongola, pakuti palibe ananena chimene anayenera kuchita kuti amasuke. Boma linangofuna kuti asaoneke. Ndipo malamulo a chipwirikiti amene analengezedwa chifukwa cha Lumpa anakhala m'dziko kufikira chaka cha 1991, nagwira anthu ambiri amene sanaimbepo nyimbo ya Lumpa.

Kuongola kuja nakonso kunapunthwa, ndipo chifukwa chake nchofunika kuchimvetsa. Munthu aongoledwa kuti abwerere kwao. Koma kwao kuyenera kumlandira. A Lumpa anauzidwa kuti akakhale pakati pa anthu amene anawaphera abale, ndi amene iwo anawaphera abale, popanda mlandu kukambidwa pa bwalo la mudzi, popanda lipo, ndiponso mpingo wao uli woletsedwa. Ambiri anakana. Zikwi zambiri anaoloka malire kunka ku Congo, namanga misasa ku Mokambo kufupi ndi Mufulira, kumene anthu a ku migodi anawadziwa bwino. Boma litalengeza chikhululukiro m'chaka cha 1968, obwera anali ochepa. Ena anakhala kunjako kufikira zaka za m'ma 1990. Pamenepa aja oti mlandu uyenera kulipiridwa ali ndi mau. Chifundo choperekedwa ndi boma la kutali, ofedwa osafunsidwa, sichitseka bala. Makolo a lipo anadziwa chinthu chimene chingwe ndi msasa zonse ziwiri zinachiphonya, ndicho chakuti wolakwa ndi wofedwa adzamwa madzi a chitsime chimodzi chaka chamawa.

Chingwe chinakhalabe m'malamulo a Zambia zaka 58 chilandirire ufulu, koma chinanka chilefuka. Oweruzidwa kuti afe anatumizidwa ku ndende ya Mukobeko ku Kabwe. M'chaka cha 1990 lamulo linasinthidwa kuti woweruza akapeza zifukwa zochepetsa mlandu wa kupha, monga kuledzera kapena chikhulupiriro cha ufiti, apereke chilango china. Uku kunali kuvomera kuti opha anthu sali onse a muyeso umodzi. Anthu otsiriza kunyongedwa anali amuna 8, m'Januwale 1997, pa ulamuliro wa Pulezidenti Frederick Chiluba. Pulezidenti Levy Mwanawasa, amene anali loya, ananena poyera kuti sadzasaina kalata ya imfa, ndipo m'chaka cha 2004 anasintha chilango cha asilikari 44 amene anayesa kulanda boma m'Okutobala 1997. Mabwalo anapitiriza kuweruza imfa monga lamulo linawauza, koma wosaina panalibe, kotero kuti zipinda za oyembekeza chingwe zinadzaza. M'Julayi 2015 Pulezidenti Edgar Lungu anapeza anthu 332 m'malo omangidwira anthu 51, nasintha chilango chao chikhale ndende ya moyo wonse. Chaka chotsatira dzina la nthambi ya ndende linasinthidwa m'malamulo akulu a dziko, kuti linene za kuongola anthu m'malo mwa kungowatsekera.

Chilango chimene chilembedwa koma sichichitika chitaya zifukwa zake zonse. Sichiopsa, pakuti mbala idziwa kuti palibe wanyongedwa zaka makumi awiri. Sichilipira, pakuti ofedwa anauzidwa imfa ndipo imfayo sinadze. Ndiponso chitsekereza kuongola, pakuti mkaidi woyembekeza chingwe sapatsidwa ntchito ya manja monga akaidi ena, angokhala. Nyumba ya Malamulo itavomereza kusintha, Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina pa 23 Disembala 2022 lamulo lochotsa chilango cha imfa m'buku la milandu. M'Febuluwale 2023 akaidi 390 amene anali atatsala m'zipinda zija anasinthidwira ku ndende ya moyo wonse.

Si onse anakondwera, ndipo m'mabasi ndi m'misika mkangano ubukanso nthawi iliyonse pakamveka imfa yoopsa. Woweruza wa lero amene apatsidwa mlandu wonga wa amuna atatu aja ali ndi zaka za ndende zoti ayese, ndipo funso la chimene chimuyenera wa mkondo, chimene chidzaopsa anzake, ndi chimene chingamuongole, likali pa tebulo lake lonse lathunthu. Ku Lundazi ndi ku Chama, adzukulu a anthu a ku Chipoma ndi adzukulu a amene anafa pa boma aphunzira m'sukulu zimodzi, ndipo mipingo yotsata chiphunzitso cha Lenshina ipempheranso poyera pansi pa maina atsopano. Mtembo wa Lenshina unabwezedwa ku Kasomo, nuikidwa pa malo a kachisi amene anthu ake anamanga ndi njerwa zoumba okha m'chaka cha 1958.